Kajambulidwe ka girafu ya kyumuletivu fulikwense kuchokera ku malikisi a mayeso, ndi mmene mungapezere midiyani pa girafuyo

Girafu imeneyi ana ambiri amaijambula mokongola ndithu, mzere wake wosalala bwinobwino, koma yankho la midiyani nkuphonya ndi malikisi 5 athunthu, ndipo vuto silikhala dzanja ayi, limakhala malo amene aika timitanda tawo. Ndiye tiyeni tiijambule limodzi kuyambira poyambirira, ndi malikisi a kalasi imodzi, muone pamene pamagona nkhani.

Mukhale ndi pepala la girafu lija la timabokosi, rula, labala, ndi pensulo yosongola bwino. Bolopeni isiyeni kaye mthumba.

Tiyerekeze kuti ndi kalasi ya Fomu 4 ya ana 80, alemba mayeso a masamu a malikisi 100, mapepala tachonga. Palibe wapeza 0 ndipo malikisi onse ndi manambala athunthu, kulibe zoti 37 ndi hafu. Choyamba timawaika m'magulu a malikisi khumikhumi, 1 mpaka 10, 11 mpaka 20, choncho mpaka kukafika 91 mpaka 100. Mukamawerenga musamachite kusakasaka gulu limodzi pa mndandanda wonse, mutaya ana. Tengani malikisi a mwana mmodzimmodzi mmene alembedwera, ikani kamzere pa gulu lake, wachisanu nkudula tinayi tija, mpaka mndandanda uthe. Za kalasi yathuyi zatuluka chonchi:

1 mpaka 10, ana 2
11 mpaka 20, ana 5
21 mpaka 30, ana 9
31 mpaka 40, ana 14
41 mpaka 50, ana 18
51 mpaka 60, ana 14
61 mpaka 70, ana 9
71 mpaka 80, ana 5
81 mpaka 90, ana 3
91 mpaka 100, mwana 1

Manambala a anawo ndi amene timati fulikwense, kutanthauza kuti mugulu limenelo muli anthu angati basi. Pamayeso nthawi zambiri tebulo ili amakupatsani kale, inu mumayambira pa sitepe yotsatirayi.

Tsopano kyumuletivu fulikwense. Dzinali ndi lalitali chabe koma ntchito yake ndi kuphatikiza mopitiriza, ngati mmene msungichuma wa banki m'khonde amachitira, uyu akaponya ndalama iye amawonjezera pa zimene zinalipo kale nkunena kuti m'bokosi tsopano muli zakuti. Gulu loyamba muli ana 2, timalemba 2. Gulu lachiwiri muli 5, timawonjezera pa 2 uja, 7. Kenako 7 kuphatikiza 9, 16. Kenako 16 ndi 14, 30. Ndiye 30 ndi 18, 48. Mukapitiriza mupeza 62, 71, 76, 79, kumalizira 80.

Imani kaye apa muone nambala yomalizayo. Ikuyenera kufanana ndi chiwerengero cha ana onse, ife ana athu ndi 80 ndipo tathera pa 80, zili bwino. Ikatuluka 78 kapena 83 musapitirire, bwererani muphatikizenso, chifukwa mukalakwitsa pa gulu lachitatu ndiye kuti manambala onse a kutsogolo aonongeka nawo. Chinanso, manambala amenewa sangatsike. Akhoza kuima pamodzimodzi ngati gulu lina mulibe mwana, koma kuchoka pa 48 kupita pa 45 sizingatheke, ana amene mwawawerenga kale sangathawe.

Funso limene ndimafunsa ana anga ndisanawalole kugwira pepala la girafu ndi ili, 48 uja akutanthauza chani? Ambiri amati ndi ana a gulu la 41 mpaka 50. Ayi, a gulu limenelo ndi 18. 48 ndi ana onse amene apeza malikisi 50 kapena ochepera apo, kuyambira uja wapeza 3 mpaka uja wapeza 50 ndendende. Mukaimva bwino mfundo imeneyi zina zonsezi zingoyenda zokha, chifukwa ikutiuza kuti 48 sakwana mpaka titafika kumapeto kwa gululo. Mukaima pa malikisi 45 simunawerenge ana onse 48, aja apeza 47, 49, 50 adakali kutsogolo. Ndiye kamtanda ka 48 kamayenera kukhala kumapeto a gulu, osati pakati.

Apa mpamene ine ndinagwera ndili Fomu 4. Tinali titangophunzira girafu ina ija ya fulikwense poligoni, imene timitanda timaika pakati pa gulu, nde ine mutu unali udakali komweko, ndinaika onse pakati, 5.5, 15.5, 25.5 choncho, girafu inatuluka yokongola moti mnzanga wa pa desiki anakopera yanga kusiya yake imene inali yolondola. Tonse awiri tinalakwa, ndipo anandikwiyira mpaka pa buleki. Choipa cha kulakwitsa kumeneku nchoti girafu imaoneka bwinobwino, mawonekedwe ake ndi omwewo, kungoti yonse yasunthira kumanzere ndi theka la gulu. Pa kalasi yathuyi midiyani ingatuluke 41 mmalo mwa 46.

Nanga kumapeto kwa gulu ndi pati kwenikweni, pa 50 kapena? Taonani, gulu lina likuthera pa 50, linzake likuyambira pa 51, pakati pali mpata. Girafu yathu ndi mzere wopitirira, sifuna mipata, ndiye malire timawaika pakati pa 50 ndi 51, pa 50.5. Chimodzimodzi magulu onse, malire a pamwamba akhala 10.5, 20.5, 30.5 mpaka 100.5. Inde palibe mwana angapeze 100.5, musadandaule nazo, ndi malire chabe.

Koma muziyang'ana kalembedwe ka magulu pa funso lanu. Akalemba 40 < x ≤ 50 kenako 50 < x ≤ 60, pamenepo mpata palibe, gulu lina likuthera pomwe linzake likuyambira, ndiye malire ndi 50 yemweyo, osawonjezera hafu. Ndaonapo ana akuwonjezera 0.5 paliponse ngati mchere, poti anauzidwa kamodzi. Hafuyo imabwera pokhapokha pamene pali mpata wa 1 pakati pa magulu. Mabuku ena ndi aphunzitsi ena pa malikisi a mayeso amangoika pa 10, 20, 30 ngakhale magulu ali 1 mpaka 10, 11 mpaka 20, ponena kuti malikisi ndi athunthu, ndipo kusiyana kwa yankho kumangokhala hafu ya malikisi. Ine ndimatsata za 0.5, koma funso likakupatsani tebulo lolembedwa kale kuti ≤ 10, ≤ 20, ≤ 30 tsatirani tebulolo osalimbana nalo.

Mapointi athu ndiye ndi awa, nambala yoyamba ndi malikisi, yachiwiri ndi ana:

(0.5, 0), (10.5, 2), (20.5, 7), (30.5, 16), (40.5, 30), (50.5, 48), (60.5, 62), (70.5, 71), (80.5, 76), (90.5, 79), (100.5, 80)

Mwaona kuti magulu ndi 10 koma mapointi ndi 11. Loyambalo, (0.5, 0), silichokera mu tebulo, timaliwonjezera tokha ndipo ambiri amaliiwala. Likunena kuti pansi pa malire a m'munsi a gulu loyamba kulibe mwana aliyense. Popanda limeneli girafu imayambira m'malere. Ndipo silikhala pa 0 nthawi zonse, gulu loyamba likanakhala 21 mpaka 30 bwenzi girafu ikuyambira pa (20.5, 0), osati kuikokera ku kona ya pepala.

Tsopano pepala lija. Malikisi amapita pa mzere wogona, wa x, ndipo ana ophatikizidwa aja amapita pa mzere woimirira, wa y. Osatembenuza. Lembani pa mzere uliwonse chimene ukuimira, chifukwa girafu yopanda maina wochonga amadula malikisi ngakhale yankho lili lolondola.

Sikelo ngati funso lakupatsani, gwiritsani ntchito imeneyo basi, ngakhale ikukuipirani. Ngati mukusankha nokha, onani kaye pepala lanu. Mapepala ambiri a girafu bokosi lalikulu limakhala masentimita 2, ndipo mbali iliyonse muli timabokosi 10 ta mamilimita 2, koma werengani tanu musangokhulupirira, ena amakhala ndi 5. Ife titenga masentimita 2 kuimira malikisi 10 pa mzere wogona, ndi masentimita 2 kuimira ana 10 pa woimirira. Ubwino wake kabokosi kamodzi ndi malikisi amodzi, kabokosi kamodzi ndi mwana mmodzi, kuwerenga sikuvuta. Malikisi 100 afuna masentimita 20 ndi kapang'ono, ana 80 afuna masentimita 16, ndiye pepalalo ligonekeni cham'mbali kuti mbali yaitali ikhale ya malikisi, apo ayi gulu lomaliza likagwera pa desiki. Sikelo za ma 3 ndi ma 7 zipeweni, bokosi lalikulu likaimira ana 15 ndiye kuti kabokosi kamodzi ndi mwana mmodzi ndi hafu, mudzangodzizunza nokha pofuna 62.

Chinthu china chimene chimapha girafu pa sitepe ino ndi kulemba manambala a mu tebulo pa mzere woimirira, 2, 7, 16, 30, 48 motalikirana mofanana. Mukatero girafu imatuluka mzere wowongoka ngati njanji, ndipo chilichonse mungawerenge pamenepo ndi bodza. Mzere woimirira uziyenda 0, 10, 20, 30 mpaka 80, mzere wogona 0, 10, 20 mpaka 100, manambala a mu tebulo muziwasaka pa sikeloyo.

Kuika mapointi, tengani (40.5, 30) mwachitsanzo. Pa mzere wogona pezani 40, sunthani theka la kabokosi kumanja, kwerani mpaka pa 30, ikani kamtanda kakang'ono. Kamtanda osati chidontho chachikulu, chifukwa pa sikelo yathuyi milimita imodzi ndi hafu ya malikisi, ndiye dontho lonenepa ngati nyemba likhoza kuphimba malikisi awiri. Mukamaliza onse 11 bwererani muwerenge kuti alipodi 11, ndipo muwayang'ane patali pang'ono. Akuyenera kuoneka ngati S wotambasuka, kuyamba mogona, kukwera kwambiri pakati, kenako nkugonanso kumapeto. Pamene pakwera kwambiri ndi pamene pali ana ambiri, kwa ife ndi pakati pa 40.5 ndi 50.5 pomwe pali ana 18. Kamtanda kamodzi kakapatuka pa anzake, kaonereninso, nthawi zambiri mwawerenga timabokosi molakwika.

Kulumikiza tsopano. Funso likati kevu, kapena ogaivi poti ndi dzina lake lina, akufuna mzere wokhota wosalala wojambula ndi dzanja, rula ikhale pansi. Udutse pa kamtanda kalikonse, iyi si girafu ija ya mu fizikisi yoti mzere ungodutsa pakati pa mapointi. Kachinsinsi kake, tembenuzani pepala kuti dzanja lanu likhale mkati mwa kukhotako, mkono ukazungulira pa chigongono kapena pa mfundo ya dzanja umapanga uta wokha. Popeza S amakhota kawiri, theka la m'munsi mujambula pepala lili mbali ina, theka la pamwamba mulitembenuze. Yambani mopepuka, mukakhutira nkudindikiza kamodzi. Zojambula tizidutswatizidutswa mpaka mzere kuoneka ngati nthenga za nkhuku zimakuonongerani nokha, chifukwa pofika powerenga simudziwa kuti mutsate nthenga iti. Ndipo mzere usatsike paliponse, ngakhale pang'ono pakati pa mapointi awiri, komanso kumapeto usapitirire 80 nkubwereranso, ana athu ndi 80 basi.

Girafu yatha, tipeze midiyani. Midiyani ndi malikisi a mwana wa pakati tikawandandalika onse kuyambira wotsika mpaka wokwera, theka la kalasi lili pansi pake theka lili pamwamba. Ndiye timatenga chiwerengero cha ana onse nkugawa pawiri, n/2, kwa ife 80/2 = 40. Chenjerani apa, n ndi ana onse, si nambala yomaliza imene mwalemba pa mzere woimirira. Ena amalemba sikelo mpaka 100 poti pepala linatsala, kenako nkutenga 50 ngati theka. Enanso amapita pa mzere wa malikisi nkutenga 50 poti ndi theka la 100, zimenezo ndi pakati pa malikisi, osati pakati pa ana.

Pitani pa 40 pa mzere woimirira. Ikani rula mogona, itsatire mzere wa pepala kuti isapendekeke, jambulani mzere wodukizadukiza kupita kumanja mpaka ugunde kevu ija. Pamene wagundapo tembenuzani rula iimirire, tsikani mpaka pa mzere wa malikisi. Werengani. Mukuyenera kutera pafupi ndi 46, mabokosi aakulu anayi ndi timabokosi 6. Midiyani ndi malikisi 46. Yankho si 40, 40 ndi malo a mwana pa mzere, ngati nambala ya pa chigayo, pomwe 46 ndi zimene mwanayo wapeza. Mizere yodukizayo musafufute, ndi umboni woti yankho mwalitenga pa girafu.

Wina afunsa kuti bwanji osagwiritsa ntchito (n + 1)/2 monga tinaphunzirira m'makalasi a m'munsi. Ija ndi ya manambala amene mwawandandalika limodzilimodzi, ndipo ndi yolondola pamenepo. Pa kevu timaona ngati ana amwazikana mosalekeza kuyambira 0 mpaka 80, ndiye pakati ndi 40. Mukatenga 40.5 yankho lisuntha ndi kachigawo kosakwana hafu ya malikisi, pensulo yanu mwina singaonetse nkomwe kusiyanako. Kalasi ikakhala ya ana 75 musachite mantha ndi 37.5, pitani pa 37.5 pomwepo, theka la kabokosi.

Mungadziwe bwanji kuti 46 wanuyo ndi woona? Pali njira yoyesera ya mphindi imodzi yosafuna girafu. Yang'anani manambala ophatikiza aja, pa 40.5 tinali ndi ana 30, pa 50.5 tili ndi 48. Mwana wa nambala 40 ali pakati pa 30 ndi 48, ndiye midiyani ikuyenera kukhala mu gulu la 41 mpaka 50, mukapeza 38 kapena 53 dziwani kuti china chake chalakwika. Kuti tiyandikire kwambiri, kuchoka pa 30 kufika pa 40 tikufunika ana 10 mwa ana 18 a mugululo, ndipo gululo ndi lotambalala malikisi 10:

40.5 + (10/18) × 10 = 46.06

Kawerengedwe aka kakutenga ngati pakati pa mapointi awiriwo pali mzere wowongoka, pomwe kevu yanu ndi yokhota, ndiye sizingafanane ndendende, koma chapakati pa girafu kevu imakhala pafupifupi yowongoka kale, kusiyana kumakhala kochepa. Mukawerenga 45.5 kapena 46.5 palibe vuto, ndi mmene manja amasiyanirana. Mukapeza 41 ndiye mwagwera mu dzenje langa lija la kuika pakati pa gulu. Mukapeza 36 ndiye kuti timitanda mwaika koyambirira kwa gulu, girafu yasuntha ndi gulu lathunthu.

Koma tinene zoona, 46 ameneyu ndi kuyerekeza chabe, nchifukwa chake mafunso amati yerekezani. Titangowaika ana m'magulu tinataya malikisi awo enieni, girafu ikungodziwa kuti mu 41 mpaka 50 muli ana 18, sikudziwa kuti aunjikana pati. Popeza mapepala tili nawo tiyeni tione. Tinene kuti ana 18 aja anapeza 41, 41, 42, 42, 43, 43, 44, 44, 44, 45, 45, 46, 47, 48, 48, 49, 50, 50. Pansi pawo pali ana 30, ndiye mwana wa nambala 40 ndi wa 10 pa mndandandawu, wapeza 45, ndipo wa nambala 41 ndi wa 11, nayenso 45. Midiyani yeniyeni ndi 45, girafu yati 46. Yaphonya ndi 1 chifukwa ana ambiri mugululi atsamira chakumunsi, ndipo palibe mmene dzanja lanu likanakonzera zimenezo. Magulu akakhala otambalala kwambiri, mwachitsanzo a malikisi 25, kuphonyako kumathanso kukula. Ndiye aphunzitsi anzanga, ngati malikisi onse muli nawo mu buku ndipo mukungofuna midiyani yokha, ingowandandalikani, girafu ndi ya pamene mwapatsidwa magulu okha kapena pamene mukufuna kufunsa mafunso angapo pa chithunzi chimodzi.

Mafunso enawo njira ndi yomweyo. Kwatailo ya m'munsi mumayambira pa n/4, kwa ife 20, mupita kumanja nkutsika, mutera cha pa 33 kapena 34. Ya pamwamba ndi 3n/4, ndiye 60, mutera cha pa 59. Mukachotsera mupeza malikisi 25 kapena 26, ndiko kutambalala kwa theka la pakati la kalasi.

Limene limasokoneza ndi lobwerera chammbuyo, loti ndi ana angati apeza malikisi oposa 55. Apa mumayambira pansi pa mzere wa malikisi, ndipo poti oposa 55 ndi 56 kupita mtsogolo, malire ake ndi 55.5. Kwerani mpaka pa kevu, pitani kumanzere, muwerenga ana 55 kapena 56. Musathamangire kulemba, amenewo ndi amene apeza 55 kapena kuchepera, girafuyi nthawi zonse imawerenga a m'munsi. Chotserani pa 80, mutsala ndi ana 24 kapena 25, ndipo mukawerenga 55.6 isandutseni 56 musanachotsere chifukwa awa ndi anthu, yankho lilembedwe ana 24.